Momwe mungaikire ndi kuyesa mita ya olifisi kapena venchuri kuti iziwerenga madzi molondola

Mita ya olifisi ikayamba kunama, ambiri amathamangira kusintha thiransimita, chonsecho thiransimitayo ilibe mlandu. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kuyeza kusiyana kwa puresha pakati pa mbali ziwiri za puleti, chitsulo chophwathalala cha bowo pakati chomwe chimaikidwa m'paipi. Venchuri imagwira ntchito ya puletiyo, koma iyo ndi paipi yopanikizika pakati ngati khosi. Kuchuluka kwa madzi odutsa sikuyezedwa mwachindunji, kumachita kuwerengeredwa kuchokera pa kusiyanako, ndipo mavuto ambiri amabisala pa kawerengedwe kameneka ndi pa timapaipi tobweretsa puresha. Malangizo awa atsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: paipi ya madzi ozizira ya mamilimita 100 m'kati, puleti ya bowo la mamilimita 50, ndi thiransimita yotcheredwa kuyambira 0 mpaka 25 kPa.

## Zofunika kukhala nazo

- Pepala la puleti kapena la venchuri lochokera kwa opanga, losonyeza kukula kwa bowo, kukula kwa paipi, ndi kusiyana kwa puresha komwe anawerengera
- Veniya ndi tepi yoyezera
- Magasiketi awiri atsopano, mabawuti ndi masipanala
- Thiransimita yoyeza kusiyana kwa puresha pamodzi ndi manifodi ya mavalavu atatu
- Kapampu ka pamanja kokhala ndi geji yodalirika
- Matimita yowerenga 4 mpaka 20 mA
- Kakyuleta yokhala ndi batani la √

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, tsekani mavalavu a mbali zonse ziwiri, khomani loko pa switchi ya pampu, tulutsani puresha ndi madzi otsala m'paipi.

## Kuika puleti

1. Yezani bowo ndi paipi nokha. Musadalire nambala yolembedwa kunja kwa paipi, chifukwa paipi yotchedwa ya mainchesi 4 siikhala ndi m'kati mofanana nthawi zonse, zimatengera kukhuthala kwa chitsulo chake. Yezani m'kati mwa paipi, mupeze D. Yezani bowo la puleti m'malo anayi osiyana, mupeze d. Gawani d ndi D, ndipo yankho lake limalembedwa β. Pa chitsanzo chathu β ndi 0.5. Muyezo wa ISO 5167 umalola β ya puleti kuyambira 0.1 mpaka 0.75, pa mapaipi a mamilimita 50 mpaka 1000.

Chenjezo: d imalowa m'masamu itachulukitsidwa yokha. Mukaphonya ndi milimita imodzi pa bowo la 50, kuwerenga konse kwaphonya ndi kupitirira 4 peresenti.

2. Yang'anani mlomo wa bowo. Mbali yomwe madzi amafikira iyenera kukhala yosalala, yosapindika, ndipo mlomo wa bowolo ukhale wakuthwa, wosadyeka. Itembenuzeni pa kuwala. Mlomo wakuthwa sunyezimira. Mukaona kamzere kowala kozungulira bowo, dziwani kuti mchenga waudya, ndipo puletiyo iziwerenga madzi ochepa kuposa amene akudutsa. Musayese kuinola ndi fayilo, gulani ina.

3. Sankhani malo a paipi yowongoka. Madzi akangokhota pa bendi amayenda mopendekera mbali imodzi, nthawi zina mozungulira, ndipo masamu a puleti amafuna madzi oyenda mokhazikika. Pa β ya 0.5, pambuyo pa bendi imodzi, ISO 5167 imafuna paipi yowongoka yotalika ka 22 kukula kwake puleti isanafike, ndi ka 6 itadutsa. Kwa ife ndi mamita 2.2 kumtunda ndi masentimita 60 kumunsi. Bowo likakula mpaka β ya 0.75, kumtunda kumafunika ka 44. Valavu yochepetsera madzi ikhale kumunsi kwa puleti, osati kumtunda.

Malo akakhala ochepa, apa mpamene venchuri imapambana, chifukwa utali womwe imafuna sufika ngakhale theka la umenewu.

4. Lowetsani puleti moyang'ana koyenera. Mapuleti ambiri ali ndi chogwirira chotulukira kunja kwa mafulanji, cholembedwa `INLET` kapena `UPSTREAM`. Mbali yolembedwayo iyang'ane komwe madzi akuchokera. Mbali yosemedwa mopendekera iyang'ane komwe akupita. Ikani bowo pakati penipeni pa paipi, ndipo onetsetsani kuti gasiketi sikusuzumira m'kati. Mangani mabawuti modumphitsa, pang'onopang'ono, kuti puleti isapindike.

Venchuri ili ndi muvi pathupi pake. Ngati muviwo wafufutika, mbali yopanikiza mwachangu, ya madigiri pafupifupi 21, ndiyo yolowera. Mbali yaitali yotambasuka pang'onopang'ono, ya madigiri 7 mpaka 15, ndiyo yotulukira.

## Timapaipi ta puresha ndi thiransimita

5. Tengani puresha pa malo oyenera. Pa paipi yogona yonyamula madzi, timabowo totengera puresha tikhale m'mbali, kapena motsikirako pang'ono osapitirira madigiri 45. Pamwamba pamasonkhana mpweya, pansi penipeni pamagona matope. Thiransimita ikhale m'munsi mwa paipi kuti thovu lizikwera lokha kubwerera m'paipimo. Ngati mukuyeza gasi, tembenuzani zonsezi: timabowo pamwamba, thiransimita pamwamba, kuti madzi ozizirira azitsikira m'paipi. Pa nthunzi, thiransimita imakhala pansi ndipo timapaipi timadzazidwa madzi tisanayambe ntchito, kuti kutentha kusafike pa thiransimita.

Gwiritsani ntchito timabowo tomwe pepala la puleti likunena. Pali totengera pa fulanji, mamilimita 25.4 kuchokera pa nkhope ya puleti mbali iliyonse, pali ta pakona penipeni pa puleti, palinso ta D imodzi kumtunda ndi theka la D kumunsi. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake m'masamu.

6. Yalani timapaipi tiwiri limodzi. Tikhale tatifupi, tofanana utali, toyandikana kuti titenthe kapena kuzizira mofanana, ndipo titsetsereke mbali imodzi, mwina sentimita imodzi pa masentimita 10 aliwonse. Pasakhale pokwera n'kutsikanso, popeza pamenepo mpomwe thovu limakhazikika. Ka kumtunda kapite ku `H`, ka kumunsi kapite ku `L`. Pa venchuri, `L` imachokera pakhosi.

7. Tsegulani manifodi motsatira ndondomeko. Mavalavu onse atatu ayambe ali otseka. Tsegulani yapakati, yomwe imalumikiza mbali ziwiri. Kenako tsegulani ya `H` pang'onopang'ono, madzi alowe mbali zonse ziwiri mofanana. Masulani pang'ono timapulagi totulutsira mpweya pa thiransimita mpaka madzi atuluke opanda thovu, mumangenso. Kuti kapaipi ka `L` nakonso katulutse mpweya, tsekani ya `H`, tsegulani ya `L`, mubwereze zomwezo, kenako mubwerere ku `H`.

Pano yang'anani ziro. Puresha ya m'paipi ili mbali zonse ziwiri, choncho thiransimita iyenera kusonyeza 0 kPa ndi 4.00 mA. Ngati sikutero, konzani ziro panopa, puresha ikadali mo. Mukatha, tsekani yapakati, ndiyeno mutsegule ya `L`.

Chenjezo: musasiye mavalavu onse atatu ali otsegula madzi akuyenda. Pa nthunzi, kutero kumakankha madzi aja a m'timapaipi, nthunzi yotentha n'kulowa mpaka pa thiransimita.

## Kusandutsa kusiyana kwa puresha kukhala kuchuluka kwa madzi

8. Werengerani nokha kamodzi, pa pepala. Mukatsina kukamwa kwa hozi ndi chala, madzi amatuluka mwaliwiro. Puleti imachita zomwezo m'kati mwa paipi. Madzi onse odutsa m'paipi yotakata ayenera kudutsanso pa bowo laling'ono, motero amathamanga. Mphamvu yowathamangitsa imachoka pa puresha, n'chifukwa chake puresha imatsika pomwe liwiro lakwera. Mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: mphamvu ya kuthamanga imakula ndi liwiro litachulukitsidwa lokha. Madzi akawirikiza kawiri, kusiyana kwa puresha kumawirikiza kanayi. Akawirikiza katatu, kumawirikiza ka 9.

Masamu ake a madzi ndi awa:

```
Q = C × 1/√(1 − β⁴) × (π/4 × d²) × √(2 × ΔP / ρ)
```

Q ndi makiyubiki mita pa sekondi, d ikhale m'mamita, ΔP ndi kusiyana kwa puresha mu Pa, ndipo ρ ndi kulemera kwa kiyubiki mita imodzi ya madziwo. Pa madigiri 20, ρ ndi makilogalamu 998. C ndi nambala yokonzera masamu kuti agwirizane ndi zomwe madzi amachitadi. Pa puleti yathu ndi pafupifupi 0.606.

```
1/√(1 − 0.5⁴)      = 1.0328
π/4 × 0.05²        = 0.0019635 m²
√(2 × 25000 / 998) = 7.078 m/s
Q = 0.606 × 1.0328 × 0.0019635 × 7.078
  = 0.00870 m³/s   = 31.3 m³/h
```

Choncho 25 kPa pa puleti iyi ikutanthauza makiyubiki mita 31.3 pa ola. Yerekezani ndi zomwe zili pa pepala la opanga ndiponso ndi nambala yomwe inalowetsedwa pa sikirini. Zikasiyana kwambiri, mwina puleti inasinthidwa osasintha masamu, kapena wina anasintha malire a thiransimita osauza anzake.

Nambala ya C ndi yaing'ono chonchi pa chifukwa chooneka. Madzi akadutsa pa mlomo wakuthwa sadzaza bowo lonse, amapitiriza kupanikizana n'kukhala mtsinje wowonda kuposa bowolo patsogolo pang'ono. Mu venchuri khoma limawatsogolera mosalala mpaka kudzaza khosi lonse, ndiye C yake imakhala pakati pa 0.98 ndi 0.995, malinga ndi kapangidwe. Venchuri ya khosi la mamilimita 50 pa paipi yomweyi, ikasonyeza 25 kPa, ndiye kuti mukudutsa makiyubiki mita pafupifupi 51 pa ola. Wotenga masamu a puleti n'kuwaika pa venchuri waphonya kutali.

Palinso kusiyana kwina komwe pampu imamva. Pa 25 kPa ija, puleti ya β ya 0.5 imataya pafupifupi 18 kPa osabwereranso, chifukwa madzi amawinduka kuseri kwake. Venchuri imabweza puresha yambiri kudzera ku mbali yaitali ija, ndipo yotayika imakhala pakati pa 5 ndi 20 peresenti chabe. Ndi yodula, yolemera, yotenga malo, koma pa paipi yaikulu yoyenda usana ndi usiku kapena pa madzi a matope, ine ndingasankhe imeneyi.

9. Pezani nambala ina iliyonse ndi masamu aafupi. Mukadziwa nambala ya pamwamba, simufunikanso kubwereza zonse zija.

```
Q = 31.3 × √(ΔP / 25)
```

Pa 12.5 kPa, theka la kusiyana kwa puresha, madzi si theka ayi, ndi 22.1, kapena kuti 70.7 peresenti. Theka la madzi, 15.7, limapezeka pa 6.25 kPa. Ndipo madzi akatsika kufika pa 10 peresenti, kusiyana kwa puresha kumangotsala 0.25 kPa, gawo limodzi mwa 100.

Apa tiimepo pang'ono, chifukwa mpomwe mita yamtunduwu imafookera. Tiyerekeze kuti m'kapaipi ka `L` mwatsala thovu lomwe lachotsa madzi okwana sentimita imodzi kutalika. Sentimita imodzi ya madzi ndi pafupifupi 0.1 kPa. Madzi akamayenda mokwanira, 25.1 m'malo mwa 25 imasokoneza kuwerenga ndi 0.2 peresenti yokha, simungazindikire n'komwe. Pa madzi a 10 peresenti, thiransimita imaona 0.35 m'malo mwa 0.25, ndipo kuwerenga kwakwera ndi 18 peresenti. Pampu itazimitsidwa, 0.1 kPa yomweyo imasonyeza makiyubiki mita awiri pa ola, ndipo kauntala yosonkhetsa imangowonjezera usiku wonse madzi osadutsa. Thovu ndi lomwelo, koma kunama kwake kumakula madzi akamachepa.

N'chifukwa chake puleti ndi thiransimita imodzi zimadalirika kuchokera pamwamba kutsika mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a madzi. Pa chitsanzo chathu, pansi pa makiyubiki mita 8 mpaka 10 pa ola muyambe kukayikira. Ngati ntchito yanu imakhala kumunsi kumeneko nthawi zambiri, puletiyo ndi yaikulu bowo. Ikani ya bowo laling'onopo, kapena onjezani thiransimita yachiwiri ya malire ang'onoang'ono.

10. Chotsani √, kutanthauza kuwerengera √ ya kusiyana kwa puresha, pamalo amodzi okha. Thiransimita ikhoza kutumiza kusiyana kwa puresha momwe kuliri, pa makonzedwe olembedwa `LINEAR`, kapena kuchotseratu √ yokha, pa makonzedwe omwe nthawi zambiri amalembedwa `SQRT` kapena `SQUARE ROOT`. Nayo PLC, kompyuta yoyendetsa makina, ikhoza kuchita chimodzimodzi. Sankhani malo amodzi, mulembe pa chikwangwani cha thiransimita kuti wobwera pambuyo adziwe. Tcheraninso malire a pansi, oti madzi akatsika kupitirira pamenepo mita izingosonyeza ziro, mwina pa 7 kapena 8 peresenti.

11. Yesani pakati, osati kumapeto kokha. Tsekani valavu ya `L`, tsegulani yapakati, tsekani ya `H`, tulutsani puresha ndi madzi mu thiransimita. Tsekaninso yapakati, siyani mbali ya `L` yotsegukira kunja, mulumikize kapampu ka pamanja ku `H`. Uzani a m'chipinda choyang'anira kuti achotse pa otomatiki makina omwe amatsatira kuwerenga kwa mitayi musanayambe.

Ikani 0 kPa ndi 25 kPa kuti muone ziro ndi pamwamba. Koma musakhutire ndi ziwirizi, chifukwa √ ya 0 ndi 0, ya 1 ndi 1, motero mita yochotsa √ kawiri ndi yosachotsa n'komwe zonse zimaoneka zabwino pamenepa. Ikani 6.25 kPa, muyang'ane zomwe sikirini ikunena:

- 15.7 pa ola, kapena 50 peresenti: zili bwino.
- 7.8, kapena 25 peresenti: palibe amene akuchotsa √.
- 22.1, kapena 70.7 peresenti: ikuchotsedwa kawiri.

Matimita ikuuzani komwe kuli vuto. Pa 6.25 kPa, thiransimita ya `LINEAR` imatulutsa 8 mA, yochotsa √ imatulutsa 12 mA. Mukatha, bwererani ku sitepe 7.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Puleti yoikidwa chagada. Zimachitika makamaka pambuyo poyeretsa paipi. Madzi amafikira pa mbali yosemedwa, amadutsa mosavuta, kusiyana kwa puresha kumachepa, ndipo mita imawerenga motsika, nthawi zambiri ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Thiransimita mukaiyesa imapambana mayeso onse. Chizindikiro chake n'chakuti kuwerenga kunatsika mwadzidzidzi tsiku lomwe paipi inatsegulidwa, pamene pampu ikukoka magetsi monga kale. Werengani cholembedwa pa chogwirira musanamasule chilichonse.

Valavu yapakati yodontha. Puresha ya ku `H` imazembera ku `L`, mita n'kuwerenga motsika. Poyesa, tsekani mavalavu a `H` ndi `L` madzi akuyenda, yapakati ili yotseka. Kuwerenga kukamatsikira ku ziro pang'onopang'ono popanda podontha panja, yapakatiyo sikutseka bwino.

Kudontha pa timapaipi. Kudontha kwa ku `H` kumatsitsa kuwerenga, kwa ku `L` kumakweza. Pa gasi simuona dontho, pakani madzi a sopo pa malumikizidwe.

Kapaipi kotsekeka. Konse tiwiri tikatsekeka, nambala imaima ngati yojambula ngakhale mutsegule valavu ya madzi. Kamodzi kokha kakatsekeka, nambala imayamba kutsatira puresha ya m'paipi m'malo mwa madzi: ka `L` kakatseka, puresha ikakwera kuwerenga kumakwera nayo, ka `H` kakatseka kumachita mosemphana. Kuwerenga kwa mita yamoyo kumagwedezeka pang'ono nthawi zonse, choncho mzere wosalala kwambiri pa sikirini muukayikire.

Kuiwala kuti ρ imasintha. Puleti yathu inawerengeredwa madzi a madigiri 20. Pa madigiri 80, kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 972, ndipo makiyubiki mita enieni amakhala ochuluka ndi 1.3 peresenti kuposa osonyezedwa. Pa madzi izi n'zopiririka. Pa gasi ndi nthunzi si choncho. Ngati puleti inawerengeredwa mabaa 6 ndipo paipi ikuyenda pa mabaa 5, kutentha kusanasinthe, mita ikuonjezera pafupifupi 9.5 peresenti pa makilogalamu a gasi odutsa. Mabaa amenewa ndi ophatikiza puresha ya mlengalenga, ndiye kuti pa zomwe geji wamba ikusonyeza muwonjezere baa imodzi musanawerengere. Pa gasi masamu aja amalandiranso nambala ina, ε, yocheperako pang'ono pa 1, chifukwa gasi amafutukuka akadutsa pa bowo. Mankhwala ake ndi kuyeza puresha ndi kutentha kwa gasi nthawi zonse, kompyuta izikonza ρ yokha.

Kusintha malire a thiransimita osasintha sikelo. Wina akaona kuti mita ikugunda pamwamba amakweza malire kuchoka pa 25 kufika pa 50 kPa, kenako n'kulemba 62.6 pa sikirini poganiza kuti madzi nawonso awirikiza kawiri. Nambala yoyenera ndi 31.3 kuchulukitsa ndi √2, yomwe ndi 44.3.

Paipi yosadzaza. Masamu onsewa amafuna paipi yodzaza ndi chinthu chimodzi. Puleti ikakhala pamalo okwera pomwe mpweya umasonkhana, kapena pa paipi yotsikira pansi yotseguka kumapeto, kuwerenga kumadumphadumpha ndipo palibe makonzedwe a thiransimita amene angathandize. Isamutsireni pamalo otsika kapena pa paipi yomwe madzi akukwera.